Matailosi a pabalaza pa a Medson

A Medson anachokera ku Phalombe ali mnyamata, nagwira ntchito yonyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Nyengo ya fodya ikatha ankatsatira amisiri omanga, ndipo kumeneko ndiko anaphunzirira kuyala matailosi. Pano Chinsapo yonse imawadziwa. Munthu akamanga nyumba amauzidwa kuti aitane bambo a Promise, chifukwa tailosi yawo ukaigogoda ndi chala silira ngati chitini.

Akazi awo a Kettie sawerengedwa pa ntchitoyi, koma alipo ndithu. Ndiwo amachapa ndowa zokandira, kutola timasipesa, tija timitanda tapulasitiki toika pakati pa matailosi kuti mipata ifanane, n'kutitsuka kuti tikagwirenso ntchito kwina. Ntchito ikakula amapita nawo, n'kumakwawa pambuyo pa amuna awo ndi kansanza konyowa, kupukuta adihesivu, simenti yomatira matailosi, wotuluka m'mipata asanaume. Eni nyumba amati mayiwo angoperekeza.

Chimene chinkawawa onse awiri chinali pabalaza pawo. Panali simenti yong'aluka, yomwe a Kettie ankaipaka polishi wofiira kwa zaka zambiri. Amayi a pamjigo ankawanyogodola kuti mkazi wa mmisiri wa matailosi akuthera mawondo pa simenti. A Medson sankafuna n'komwe kuti munthu wofuna kuwapatsa ntchito afike kwawo, ankakumana naye pamsewu.

Chaka chatha, mvula ili pakati, anakwanitsa kugula makatoni okwanira chipinda chonse. Anayamba ndi kumata ming'alu, nasiya kuti paume. Tsiku loyala anadzuka m'mamawa, nakoka chingwe kudutsa pakati pa chipinda, n'kundandalika mzere umodzi popanda adihesivu kuti aone ngati zidutswa za m'mphepete zifanane mbali zonse. A Kettie ankakanda adihesivu pang'onopang'ono, poti wambiri amauma m'ndowa. A Medson ankamupaka pansi, n'kumupesa ndi chitsulo cha mano, kukhazika tailosi, kuigogoda ndi hamala ya labala, kenako kugoneka levulo, chopimira chokhala ndi kathovu m'kati, pamwamba pa matailosi oyandikana. Kathovu kakapendekera mbali, ankazula tailosiyo n'kuonjezera kapena kuchepetsa adihesivu. Anayambira kukhoma la mkati, akubwerera chafutambuyo kulowera kukhomo, kuti asaponde pomwe ayala.

Dzuwa litapendeka anali atafika pakhomo. Anauza ana kuti azilowera kukhitchini, ndipo pabalaza pasadutse ngakhale mphaka mpaka mawa lake nthawi ngati yomweyo. Adihesivu akadali wofewa, tailosi ikapondedwa imamira mbali imodzi kapena kuseseleka, ndipo ikauma choncho palibenso kuikonza koma kuiswa.

Akusamba m'manja, kulira kunamveka kuseri kwa mpanda. Anali a Rozina, mkazi wa a Wilkins, oyandikana nawo nyumba. A Wilkins anali atagonekedwa kuchipatala masiku angapo, ndipo uthenga unali utangofika kuti atisiya.

Kwathu kuno maliro akagwa, chipinda chochezera cha nyumba ya siwa chimachotsedwa katundu yense kuti amayi akhale pamphasa ndi namfedwa. Katunduyo amapita kwa woyandikana naye, ndipo sapemphedwa chilolezo. Mipando ya a Wilkins inali itagonapo kale kwa a Medson pa maliro a mwana wawo, ndipo ya a Medson inakagona kwa a Wilkins pomwe amayi a a Kettie anamwalira. Tsikulo kumwamba kunali kutada, madontho atayamba kugwa. Amuna anayi, motsogozedwa ndi a Shepherd, mng'ono wa malemu, anatulukira pageti atanyamula kabati yaikulu yagalasi. Pambuyo pawo ena ankabwera ndi sofa. Chitseko cha pabalaza chinali chotsekula kuti mphepo izilowa, ndipo analunjika pomwepo monga mwa nthawi zonse.

A Medson anathamanga n'kuima pakhomo, manja atatambasula.

"Musaponde matailosi anga."

Sanakuwe, koma aliyense anamva, ngakhale amayi omwe ankadutsa ndi nkhuni panja pa mpanda. Amuna aja anaima, kabati ili m'manja, mvula ikugwera pagalasi. A Medson anayamba kufotokoza kuti adihesivu sanagwire, kuti mawa madzulo zitheka, kuti mwina kuchipinda kwa ana, ngakhale onse ankaona kuti kabatiyo singadutse pakakhomo ka kukhitchini. A Shepherd anawayang'ana, maso ali ofiira.

"Pepani bambo a Promise. Achimwene sanadziwe kuti lero mukuyala, akanadikira."

Anatembenuka nayo kabati ija, nakailowetsa nyumba yachitatu, kwa a Idi osoka zovala, omwe anatulutsa makina awo pakhonde kuti papezeke malo.

A Medson anatsala pakhomo paja. Zimene ananena zinali zoona, ndipo mmisiri aliyense akanawavomereza. Koma pa Chinsapo sipanapezeke woti awavomereze. Madzulo omwewo anapita kukakhala ndi abambo pa tenti. Anawapatsa malo pabenchi, nawayankha moni, koma nkhani inkawadumpha. Munthu wina wolowa anafunsa ngati pansi pa tentipo n'pololedwa kuponda, ena natsokomola pobisa kuseka.

A Kettie anatulutsa miphika yawo yonse ikuluikulu, mabeseni ndi mphasa, napita nazo kusiwa. Masiku onse a maliro ankatunga madzi, kutsuka mbale za anthu ochuluka chotero, kusonkha moto pansi pa lata mvula ikugwa. Amayi anzawo akati apumeko, ankati sanatope. Panalibe amene anawauza kuti akulipira mawu a amuna awo, ndipo iwonso sanatero. Tsiku loika maliro, maso awo anali atatupa ndi utsi.

Mawa lake la tsiku loyala lija, a Medson anali atapita kwa a Shepherd kukanena kuti pansi pagwira, katundu angathe kubwera. Anayankhidwa mwaulemu kuti malo anapezeka kale, asavutike.

Maliro atatha anazula masipesa, nathira girauti, simenti yotsekera mizere, m'mipata, a Kettie akupukuta pambuyo pawo. Pabalaza panatuluka bwino kuposa nyumba zonse zimene anagwirapo. Mizere inali yowongoka kuchokera kukhomo mpaka kukhoma, ndipo levulo paliponse pomwe aigoneka kathovu kankakhala pakati. Koma mipando anaibwezeramo mwakachetechete, osaitana munthu kudzaona. A Medson anazolowera kudyera kukhitchini.

Patapita masabata, a Rozina anabwera kudzabweza miphika, atavala zakuda, mwana wawo Jennifer atasenza beseni. A Kettie anali kuseri akuchapa, choncho amene anatsekula chitseko anali a Medson. Namfedwayo anatula miphika pakhonde, navula masilipasi, n'kuima pakhomo akuyang'ana pansi ponyezimirapo. M'mawu awo munalibe chipongwe, ankafunadi kudziwa.

"Kodi pano pauma, bambo a Promise? Ndingaponde?"

A Medson anangosuntha pakhomo, nayang'ana kukhoma. A Kettie anatulukira m'manja muli thovu, napukuta pachitenje, n'kuwagwira dzanja a Rozina.

"Lowani amake Jennifer, kunjaku kukuzizira."

Amayi awiriwo anakhala pansi, pamatailosi pomwepo, nayamba kukamba za sukulu ya Jennifer. A Medson anatola miphika ija pakhonde, nazungulira nayo kuseri kwa nyumba, kukalowera kukhitchini.