Maloweruka a Mayi Mawaya

Pakampani yosindikiza mabuku ankawatcha Mayi Mawaya, poti netiweki ikafa ndiwo ankagwada pansi pa madesiki. M'chipinda chilichonse munali swichi yakale, kabokosi ka timabowo kolumikiza makompyuta. Iwo ankati ndi mabokosi osayankhula: sungawafunse kanthu, sungawauze kanthu.

Vuto linkabwera ndi ukhondo. Oyeretsa a Lachisanu akaona chingwe chikulendewera, ankachimvera chisoni n'kuchilowetsa pabowo lopanda kanthu. Nsonga zonse ziwiri zikalowa m'swichi imodzi, mauthenga ankangozungulira, kuchulukana, mpaka netiweki yonse kutsamwa. Loweruka m'mawa kapitawo wa makina ankaimba foni, Mayi Mawaya n'kupita kukazula zingwe chimodzichimodzi, chipinda ndi chipinda. Tsikuli silinali lawo la ntchito, ndipo silinkalembedwa paliponse.

Loweruka linali la amayi awo, amene anali chigonere. M'kati mwa sabata wowayang'anira anali mlamu wa Mayi Mawaya, koma kuwasambitsa mutu ndi kuwaluka tsitsi ankadikira mwana wawo.

"Amuna ako a mawaya aja akuitana," ankatero amayiwo foni ikalira. "Pita, angakusiye ukwati. Mutuwu suthawa."

Ndiye Mayi Mawaya analembera manijala kalata yopempha maswichi atsopano, otchedwa a manejidi. Anafotokoza kuti maswichi a manejidi amayang'aniridwa pakompyuta: amasonyeza bowo lomwe labweretsa vuto, munthu amalitseka ali patali, ndipo akatcheredwa bwino amadula okha mzunguliro wa chingwe. Anawonjezanso kuti angalekanitse makompyuta a kumalipiro ndi a alendo.

Manijala anawerenga, n'kumwetulira mwaulemu.

"Mayi, ine Lolemba lililonse ndimapeza zonse zili bwinobwino. Tigulirenji mankhwala pomwe wodwala palibe?"

Mayi Mawaya anatuluka. Pamasitepe m'pamene anazindikira kuti wobisa wodwalayo anali iwo omwe.

Kalata yachiwiri inawavuta, poti sanazolowere kudzitchula. Komabe analemba: "Netiweki imakhala bwino Lolemba chifukwa ndimabwera Loweruka. Kunyumba ndili ndi matenda. Ndikupempha tsikuli."

Manijala anasayina zogula maswichiwo tsiku lomwelo, maso ali pansi. Koma kalata inayenera kudutsa kwa ogula katundu, kenako kudikira ogulitsa. Makatoni anafika Mayi Mawaya atangobwerako kumaliro a amayi awo. Anawatsegula okha, naika maswichiwo, nalemba dzina pabowo lililonse.

Loweruka lotsatira foni sinalire. Pofika chakumasana anatsegula laputopu, kuopa kuti mwina kapitawo wataya nambala. Swichi ya m'chipinda chomatira mabuku inali itatseka yokha bowo limodzi, n'kulemba chifukwa chake. Zina zonse zinkayenda.

Anatseka laputopu ija. Mlamu anasuzumira pakhomo.

"Lero simupita, alamu?"

"Ayi. Lero ndilipo."

Bedi la amayi awo linali loyalidwa bwino. Pawindo panali chipeso chawo, tsitsi loyera likadali m'mano ake.