Mapointi Atatu a Dorika

Dorika ndi mwana wachiwiri wa malemu a Lorenso Fanizo ndi akazi awo a Josephine, amene analowa m'dziko muno kudzera pa Marka nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, mphasa pamutu, mbuzi imodzi pachingwe. Ana a Dorika alipo atatu: Pius, Glory ndi chitsirizira Tiyamike. Bambo wa anawo, Andrea, amagwira ntchito ku minda ya nzimbe ndipo amaoneka pakhomo pakutha pa mwezi. Ana onsewo miyendo ndi ya kwa a Lorenso, yaitali, youma ngati bango, yosadziwa kutopa. Amene amati anatengera kuchimuna anene ndithu, koma akanenere kutali.

Dorika naye anali wothamanga. Ali Sitandade 6 anasiya atsikana onse pa mpikisano wa pasukulu, mpaka anacheuka kuona ngati anzakewo agwa. Mphoto inali mbale yachitsulo ndi sopo. Koma anapatsa amene anafika kachiwiri, ati uyu ndi wothawa nkhondo, mawa abwerera kwawo. Dorika sanalire. A Lorenso atamva anangoti, "Mbale atenga, koma fumbi lako adya." Banjalo silinabwererenso ku Mozambiki. Dorika anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Bangula, ndipo zamasewera zonse pasukulupo zinali m'manja mwake.

Chaka china madzi a mtsinje wa Ruo anakwiya, dera la Makhanga linamira. Anthu anawaolotsa pa mabwato n'kuwaika m'matenti, ndipo ana a sekondale ochokera kumeneko analembedwa pa sukulu ya Dorika kuti maphunziro asaime. Anafika opanda yunifolomu, ena opanda ngakhale kope.

Pasukulupo ophunzira amagawidwa m'nyumba zinayi zampikisano, zotchedwa maina a mitsinje: Shire, Ruo, Mwanza ndi Thangadzi. Chikho chinali chitazolowera kugona ku Shire, ndipo chaka chimenecho mtsogoleri wa Shire anali Pius yemweyo, ali Fomu 4. Ruo inali nyumba yosekedwa, yomangirira kumchira chaka ndi chaka. Dorika anapempha kuti ana a ku Makhanga awamwaze m'nyumba zonse zinayi. Aphunzitsi oyang'anira nyumba zina anakana, ati ana odya kamodzi patsiku angotigwetsera mapointi. Mphunzitsi wamkulu, a Geresomo, anadula nkhani uku akuseka.

"Si Ruo yemweyo wawathamangitsa kwawo? Apite ku Ruo onse."

Analemba okha mainawo, nasainira, n'kupachika pa bolodi.

Tsiku la mpikisano anayamba m'mamawa, chifukwa dzuwa la kuchigwa kuno silichita manyazi. Mizere ya pabwalo anailemba ndi phulusa. Dorika anaima pamzere womalizira ngati woweruza wamkulu, wezulo pakhosi. Malamulo anali odziwika: woyamba mapointi 5, wachiwiri 3, wachitatu 1, ndipo pa mpikisano wopatsirana kamtengo mapointi amawirikiza kawiri. Wodandaula adandaule tsiku lomwelo, asanasainire pepala la mapointi.

Pius anathamanga ngati wapsa kumapazi. Mamita 100 anatenga, mamita 400 anatenga, kamtengo ka anyamata anakafikitsa yekha patsogolo. Nthawi zonse zitatu ankadutsa pafupi ndi mayi wake, chifuwa chikukwera ndi kutsika, maso akufuna mawu amodzi okha. Dorika ankangoti, "Woyamba, Shire," n'kuyang'ana wina. Mumtima ankavina, koma woweruza saimba nthungululu.

Ndiye kunatulukira kamtsikana ka ku Makhanga, Estere, kopanda nsapato, siketi yobwereka atamanga ndi chingwe. Ana ozolowera kuyenda m'matope ofika m'maondo, mukawaika pouma amauluka. Estere anatenga mamita 400 ndi 1500, anzake nawonso akutola apa atatu, apo imodzi. Pofika pa mpikisano wotsiriza, kamtengo ka atsikana, Shire inali ndi 38, Ruo 37. Estere analandira kamtengo ali kumbuyo, nafika pamzere ali kutsogolo. A Ruo anakuwa mpaka akumatenti anatuluka kudzaona chagwa. Oyang'anira nyumba onse anayi anasainira pepala, wa Shire atakwinya nkhope koma osadandaula.

Mwambo wa pasukulupo ndi woti chikho chimaperekedwa pa asembule, mphunzitsi wamkulu atalandira lipoti ndi kuliwerenga pamaso pa onse. Dorika analemba lipotilo m'Chingerezi monga amafunira, koma m'chinenero chathu linkati:

"Kwa Mphunzitsi Wamkulu. Lipoti la mpikisano wa manyumba. Panali mipikisano khumi ndi inayi: mamita 100, 400 ndi 1500, kulumpha patali, kulumpha m'mwamba, kuponya chitsulo ndi kupatsirana kamtengo, uliwonse wa anyamata ndi wa atsikana. Mapointi onse anali 144. Yoyamba Ruo, 47. Yachiwiri Shire, 44. Yachitatu Mwanza, 31. Yachinayi Thangadzi, 22. Amene anaonetsa luso kwambiri ndi Pius wa Shire kwa anyamata ndi Estere wa Ruo kwa atsikana. Palibe anavulala, palibe anadandaula. Yopambana chaka chino ndi nyumba ya Ruo."

Pansi anasainira, n'kumatako pepala la zotsatira za mpikisano uliwonse.

Tsiku limene Dorika anapereka lipotilo, masana, a Geresomo anamuitanitsa ku ofesi. Si munthu woipa ayi, koma ndi uja amafuna aliyense atuluke mu ofesi akumwetulira.

"Madamu, khalani pansi. Lipoti ndi labwino, lolembedwa mwaukhondo. Koma mzere wotsirizawu ukundilasa."

"Ukukulasani pati, aHedi? Masamu alakwika?"

"Masamu ali bwino. Koma a komiti ya makolo anali pano. Akuti chikho anagula ndi iwo, kugulira ana awo. Awa ndi alendo, madzi akaphwa abwerera kwawo. Chotsani mapointi a alendo, muwerengenso."

Mawu akuti abwerera kwawo anamulowa Dorika ngati munga wakale umene unathyokera m'phazi. Anaona mbale yachitsulo ija ikudutsa pamaso pake kupita kwa wina.

"Alendo ake ati? M'kaundula wa sukulu alimo. Ku Ruo munawaika ndinu, siginecha yanu idakali pa bolodi. Akanakhala otsiriza, mukanandiitana kuti ndichotse manyazi awo?"

A Geresomo anapukuta thukuta. "Chabwino, tiyeni tikumane pakati. Lembani kuti Ruo ndi Shire afanana mphamvu. Mapointi atatu ndi chiyani? Chikho achigwire onse, tijambule chithunzi, nkhani yatha."

"47 ndi 44 kufanana? Ndiye mukauzenso aphunzitsi a masamu, asinthe zophunzitsa."

"Madamu, musandiyankhe ngati tili pamsika wa nsomba." Kenako anatsitsa mawu. "Ganizirani mwana wanu. Chaka chake chomaliza. Wathamanga bwanji mnyamata uja! Mufuna atuluke sukulu manja ali m'thumba, chifukwa cha cholembera cha mayi wake?"

Apa ndiye Dorika anaimirira.

"Mwana wanga ndinamubereka ndine, ndipo sindinamuberekere kuti azidya za eni. Lipoti langa ndi limenelo. Ngati mukufuna lina, pepala ilo, cholembera icho, lembani musainire dzina lanu. Koma pa asembule ndidzakhala nditaima pomwepo, ndipo mwana aliyense anawerengera yekha mapointi pabwalo paja."

Anatuluka osatseka chitseko.

Nkhani za mu ofesi zimafika kunyumba mwini wake asanafike. Dorika anapeza Pius atakhala pa njinga pansi pa mtengo wa masawu, nkhope ngati mtambo wa mvula.

"Amayi, ndamva aHedi amafuna kutipatsa chikho, inu mwakana."

"Wamva zoona."

"Mipikisano itatu ndapambana ine. Itatu! Atsikana athu ndi amene anagona. Ngakhale kugawana kokha, munakana?"

"Ukufuna chikho, kapena ukufuna theka la bodza?"

"Inu mumakonda ana a eni kuposa anu. Pamzere paja simunandiyang'ane n'komwe."

"Ndinali pantchito."

"Nanga pano muli pantchito?"

Dorika anatsegula pakamwa, koma magazi a kwa a Lorenso ndi ouma khosi. Mwana akakufunsa mokalipa, sumupatsa zabwino nthawi yomweyo, angayese wakugonjetsa. Anangoti, "Chotsa njinga panjira." Pius anaichotsa, n'kupita nayo kutali.

Lolemba pa asembule a Geresomo anatulutsa pepala. Dorika analizindikira ali patali: linali lake lomwe lija. Anawerenga mothamanga ngati akuwoloka pamadzi a ng'ona, ndipo pofika mzere wotsiriza mawu anawamezera kukhosi.

"AHedi," anatero Dorika mokweza, ali pamzere wa aphunzitsi, "akumbuyoko sanamve."

Ana anaseka. A Geresomo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako nawonso milomo inagwedera ngati afuna kuseka, nakweza mawu: "Yopambana chaka chino ndi nyumba ya Ruo!"

Mtsogoleri wa nyumba imene inali ndi chikho ndi amene amachipereka kwa opambana. Pius anatuluka pamzere atachinyamula. Anzake ena ankamunong'oneza kuti achiike pansi, eni ake atole okha. Sanatero. Anayenda mowongoka, nachipereka ndi manja awiri kwa Estere, amene a Ruo anamukankhira kutsogolo. Mtsikanayo anagwada pang'ono. Podutsa pafupi ndi Dorika ananong'ona mu Chisena, "Takhuta, Madamu." Dorika anayankha kuti, "Usathokoze ine. Thokoza miyendo yako."

Madzi ataphwa ana ena anabwereradi ku Makhanga, ena anatsala. Koma pa bolodi la mu ofesi, pamene amalemba opambana a chaka chilichonse, dzina la Ruo lilipo, lolembedwa ndi penti, ndipo penti siibwerera kwawo. A komiti anakhala miyezi osamupatsa moni Dorika pamsika wa Bangula. Iye ndi amene ankawapatsa moni, mokweza, kuti onse ogulitsa nsomba amve kuti sakuyankha.

Pius anamaliza sukulu, pano akuphunzira zamagetsi ku Blantyre. Akabwera patchuthi amatungira mayi wake madzi, amakonza denga, amacheza za mitengo ya zinthu ndi za mvula. Za chikho sizitchulidwa. Iye akudikira kuti mayi wake anene kuti, mwana wanga, tsiku lija unathamanga. Dorika naye akudikira kuti mwanayo anene kuti, amayi, munalemba zoona. Mawu onse awiri alipo, akhwima kale pakhosi. Koma mmodzi ndi mwana wa a Lorenso, winayo ndi mdzukulu wawo, ndipo mpikisano wokhawo umene aliyense wa iwo akukana kukhala woyamba ndi umenewu.