Madamu ndi Mawu Onyenga

Mlamu wanga amaluka tsitsi m'kachipinda koti ukatambasula mikono umakhudza makoma onse awiri. Timamutcha Madamu, chifukwa sukulu anaphunzira m'Chifalansa asanakwatiwe ndi achimwene. Mtima wake unali pa unamwino, koma sukuluyo imafuna munthu ayambe wakhoza mayeso a Chingerezi. Chaka chatha anagwa. Akanagwanso chaka chino basi, zaka zolembera zikanamupitirira.

Chingerezi amachidziwa ndithu. Chomwe chinkamukola ndi mawu ofanana nkhope ndi a Chifalansa koma tanthauzo lina. Polemba za munthu wovulala mwendo, anakumbuka "blessé" n'kulemba "blessed". Aphunzitsi omuthandiza anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Amayi, mwalemba kuti mwendo wadalitsidwa," anatero. "Wochonga sangakupatseni malikisi pamenepa."

Pa ndime yowerenga anaona "attend", iye n'kumva "attendre", kudikira. Anayankha kuti odwala ankadikira msonkhano, chonsecho ndime imati anapezekapo.

Madamu ndi munthu wosauma mutu, koma zoloweza m'buku sizimugwira. Chomwe saiwala ndi mitu ya anthu. Ndiye anagawa mawuwo kwa makasitomala ake, aliyense lake. Mayi wogulitsa mabuku anakhala "Librairie", sitolo ya mabuku m'Chifalansa. Akangolowa, Madamu ankati, "Inu mumagulitsa, koma 'library' amangobwereketsa." Ine, poti ndimakhalitsa pabenchi kudikira kulukidwa mwaulere, ndinakhala "Attendre". Zinandinyansa pang'ono, koma bodza panalibe.

Panalinso anakubala ena, mayi oti chipeso chisanafike m'mutu misozi ili kale m'masaya. Amenewo anapatsidwa "Sensible".

"Kodi mukundinena?" anafunsa.

"Ayi mayi. M'Chifalansa ndi munthu wosachedwa kumva kuwawa. M'Chingerezi ndi munthu woganiza bwino."

"Ndipatseni la Chingerezilo."

"Mukasiya kulira. Weramani."

Tsiku la mayeso ndinamuperekeza, n'kukhala panja mtima uli m'mwamba. Anatuluka akumwetulira.

"Mlamu, anakubala anabwera," anatero. "Ndime imati namwino anali 'sensible'. Dzanja limathamangira kulemba kuti sachedwa kukhudzidwa. Ndinangoona nkhope ya mayi aja ikulira, n'kuti ayi, uyu ndi winayo, woganiza bwino."

Zotsatira zinabwera pafoni Madamu ali mkati moluka anakubala omwewo. Anawerenga, n'kukhala pansi pomwepo, pa zinyenyeswa za mesh, tsitsi lolukira. Anali atakhoza. Ndinasangalala mpaka kumupsompsona pachipumi, ine amene sindikonda zokumbatirana.

Anakubala analira mokweza, mutu theka loluka theka losaluka.

"Lero sindinakukokeni, mukuliranji?" anafunsa Madamu.

"Ndakondwa, mwana wanga. Koma mukapita kusukuluko, mutu uno aziugwira ndani?"

Madamu anawapukuta misozi ndi kansalu ka pakhosi.

"Funso limenelo ndi la munthu woganiza bwino," anatero. "Tengani la Chingerezi lija, mayi. Ndi lanu."