Mayi amene ndinawafufuta pa khoma la tchalitchi

Ntchito yanga ndi yojambula ndi kulumikiza mavidiyo, makamaka a makwaya ndi maukwati. Kachipinda kanga kali ku Liwonde, kuseri kwa golosale ina, ndipo anthu amangoti kwa wa kamera. Mwa makwaya onse amene ndajambula, ya ku Ulongwe ndi imene sindiiwala, chifukwa cha mayi ena amene sanali n'komwe a m'kwayamo.

Tinajambula Lachiwiri, pambali pa tchalitchi chawo. Nyimbo anali atazijambula kale ku situdiyo, ndiye tinkangoziika pa sipika, oyimba n'kumatsatira. Yomaliza inali ya munthu mmodzi, mayi wachitsikana wa mawu okoma, amene Loweruka lake ankakwera basi kutsatira mwamuna wake ku Joni. Ndinamuimika kutsogolo kwa khoma la njerwa zootcha, kamera n'kuikhazika pa tirayipodi, kumanga zonse zolimba, kutseka fokasi ndi kuwala kuti kamera isamasinthe yokha. Ndinalengeza kuti wogunda mwendo wa tirayipodi tidana. Anayimba kamodzi kokha, mvula n'kugwa, tonse n'kuthawitsa zida.

Pakati pa khoma ndi woyimbayo panali kanjira kopita kumsika. Ine maso anali pa milomo, kuona ngati ikugwirizana ndi sipika, moti za kumbuyo sindinazilabadire. Ndinadzaziona mawa lake pa kompyuta, a tcheyamani a kwaya ali pambali panga. Nyimbo ili pokoma, kumbuyo kunatulukira mayi achikulire, mpango wofika m'mapewa, beseni la tomato m'chiuno.

"Iyayi, achimwene, izi zitichititsa manyazi pa TV," anatero a tcheyamani. "Akapanda kuchoka amenewa, nyimboyo ichoke."

Kubwereza sikukanatheka. Woyimbayo anali kwa apongozi ake ku Balaka kukatsanzika, kubwera kwake Lachisanu madzulo. Atamva nkhaniyi anandiimbira foni. Anati wayimba m'kwayamo zaka zinayi, ndipo aka n'koyamba kumupatsa nyimbo yakeyake. Sanandichonderere kwambiri, anangoti ankafuna kusiya kanthu kwawo kuno. Ndinamumvera chisoni, n'kulonjeza ndisanaone kukula kwa ntchitoyo.

Njira yake si yachinsinsi. Kamera ikakhala kuti sinasunthe, njerwa iliyonse imakhala pamalo pomwepo m'fulemu iliyonse, kutanthauza tizithunzi tija timene timapanga vidiyo, 25 pa sekondi imodzi. Ndiye umafuna mafulemu amene khoma lili lokha, n'kupanga chithunzi cha malowo opanda munthu. Anzathu a ntchitoyi amati kilini puleti. Chithunzicho umachiyala pamwamba pa vidiyo, n'kudula masiki kuti chizioneka pokhapo pamene wodutsayo ali. Zili ngati chigamba chodulidwa pa nsalu yomweyo. Wojambula wanzeru amajambuliratu khoma lokha kwa masekondi angapo woyimba asanaime kapena atachoka. Ine mvula inandithamangitsa, komanso kunena zoona ndinaiwala.

Chimene chinandipha chinali ulemu wa mayiwo. Munthu wamwano akanadutsa masekondi awiri, nkhani n'kutha. Iwo ataona kuti pali anthu, anapinda mawondo, kuwerama, n'kumayenda pang'onopang'ono monga timadutsira pamaso pa akuluakulu. Zinawatengera masekondi asanu ndi anayi. Ndinawanenera mawu ambiri kachipinda kaja, oti sindingawabwereze pano.

Pofufuza mafulemu oyera m'pamene ndinaona kuti sanadutse kamodzi. Patapita kanthawi anabwereranso kuchokera kumsika, tomato ali chidzalire. Kenako anatulukiranso kachitatu, n'kukaima pa ngodya ya khoma, theka la thupi likuoneka, mpaka nyimbo kutha. Ndinati anthu ena akaona kamera ndiye basi, malonda aiwala.

Chigamba chinachokera m'zidutswa. Khoma la kumanzere ndi ngodya ndinazitenga koyambirira, mayiwo asanafike. Njerwa zoyandikira woyimba ndinazitola apa ndi apo, pamene ankapendekekera uku ndi uku n'kuulula zimene thupi lake linabisa. Nditayala, mayiwo anasowadi, koma chithunzithunzi chawo chinatsala pansi chikuyenda chokha ndi beseni lake. Ndinaseka ndekha, n'kukulitsa masiki kuti aphimbenso kanjirako.

Kenako mtambo. Poyamba nyimbo kunali dzuwa, pomaliza mvula ili pafupi, ndiye chigamba cha pa ngodya chinkawala ngati apakapo laimu. Ndinachidetsa pang'onopang'ono motsatira khoma lenileni, n'kufewetsa m'mphepete mwa masiki kuti msoko usaoneke. Chinkaonekabe chakufa, chifukwa vidiyo imakhala ndi timadontho tonyerenyetsa, pamene chithunzi choima chilibe. Ndinawonjezera timadonthoto.

Povuta penipeni panali pamene anadutsa kuseri kwa woyimbayo. Apo chigamba chimayenera kulowa pakati pa anthu awiri, ndiye ndinkajambula mzere pamanja mozungulira phewa, khosi ndi duku la woyimbayo, n'kumaukonza fulemu ndi fulemu. Mwayi wake anadutsa kumbuyo. Akanadutsa kutsogolo n'kuphimba nkhope, chigamba cha khoma sichikanathandiza kanthu. Zinandidyera masiku awiri, khosi kuuma gwa.

Lachisanu a tcheyamani anaonera kawiri, mphuno pafupi ndi sikirini, kufunafuna msoko. Sanaupeze. "Nyimbo ikhale," anatero, n'kunyamuka kuthamangira minibasi.

Woyimbayo anafika dzuwa litapendeka, atanyamula zikwama ziwiri. Anadzionera akumwetulira, dzanja pakamwa. Ntchito inali itatha, ndipo ndikanatha kumusiya apite. Koma mmisiri safuna kuti thukuta lake lisaoneke, ndiye ndinati aone mmene zinalili poyamba. Ndinazimitsa chigamba, mayi aja n'kutulukira ndi beseni lawo.

"Taimitsani pamenepo," anatero.

Ndinaimitsa, ndili mkati mofotokoza za chithunzithunzi chija. Sankandimva.

"Awa ndi amayi anga."

Anandiuza mwachidule kuti kwawo ndi Asilamu, ndipo chikwatiwire ku tchalitchi, mayi ake sankamuyankhula. Lolemba anapita kwa amayi akewo, ku Ulongwe komweko, kukatsanzika, anangomva kwa achemwali ake kuti amayi achokapo, pamene nsapato zawo zinali pakhomo. Tsiku lojambula sanawaone, chifukwa ndinamuuza ndine kuti maso akhale pa kamera, asacheuke ngakhale kugwe chiyani.

"Anadutsa kamodzi?" anafunsa.

"Katatu. Kachitatu sanachokenso."

Ndinamusonyeza pa ngodya paja. Ankaoneka pang'ono chabe, phewa, mpango, ndi beseni atalitsitsa pansi. Anaima pomwepo mpaka madontho oyamba a mvula. Mayi wachitsikanayo analira mosabisa, ndipo ine manyazi anandigwira pokumbukira zonse ndinawanenera.

"Ya a tcheyamani muwapatse yomweyo," anatero atapukuta nkhope. "Ine mundiikire iyi, yosakonzayi."

Ndinamuikira m'foni. Anayang'ana nthawi, n'kufunsa ngati minibasi za ku Ulongwe zikadalipo. Ndinati zilipo. Zikwama anasiya pansi pa tebulo langa, n'kudzazitenga m'mawa mwake basi itatsala pang'ono. Sindinamufunse kuti zinayenda bwanji, koma pamwamba pa chikwama anamangirirapo kajumbo ka tomato.

Vidiyo ija anthu amatumizirana m'mafoni mpaka lero, ndipo palibe amene anaonapo msoko. Ine ndikaionera sindiyang'ana woyimba, ndimayang'ana pa ngodya ya khoma pamene palibe munthu.