Masamusa Sawathamangitsa

Aliyense amene anadikirapo minibasi pa siteshoni ya ku Chongwe amamudziwa Jenala, ngakhale dzina asalidziwe. Ndi mayi uja wamfupi, wa timabanga takuda m'mikono momwe mafuta akhala akumuthethekera kwa zaka makumi awiri. Anachokera ku Katete ndi mwamuna wake Tenson kudzalima ku Kanakantapa. Tenson anamwalira mwana wawo Trinity ali ndi zaka zinayi, ndipo chimene chinatsala m'manja mwa Jenala ndi luso limene anaphunzira ali mtsikana, akugwira ntchito m'nyumba ya amwenye ku Chipata: kupinda ndi kukazinga masamusa. Trinity anakula ndi masamusawo, anaphunzira nawo, mpaka anakhala namwino.

Jenala ndi munthu wovuta, tisanamizane. Ukamuuza kuti basi ikukusiya akupatse msanga, amakuyang'ana ngati wamutukwana, n'kupitiriza kutembenuza samusa yake. Koma palibe anadyapo samusa ya Jenala n'kupukuta mafuta m'zala.

Trinity atapeza mwamuna, Gershom, mnyamata wa ku Silverest kwa nyumba za mipanda, panabwera nkhani imene inam'khala Jenala pammero ngati minga ya nsomba. Amayi ake a Gershom, Ba Clotilda, akuti anafunsa pagulu kuti, "Ni mwana wa baja bogulisa vitumbuwa pa steshoni?" Mawu sawola. Anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka anafika ku Kanakantapa, ndipo kuyambira pamenepo amayi awiriwo, oyenera kudzaitanana asebele ana awo akakwatirana, anali asanalonjeranepo.

A kwa Gershom ndi Abemba, choncho anapempha chilanga mulilo, mwambo umene a kwa mkazi amaphika zakudya zawo zonse n'kukatula kwa mkamwini, akuimba ndi ng'oma. Mkwatibwi ndi amayi ake anali oti atsale kunyumba. Mbale zokha ndi zimene zikawalankhulire. Jenala anadziwa kuti nkhuku ndi chikanda aliyense akadya n'kuiwala, koma samusa yake akaiyang'ana ndi maso awiri. Ikakhala yofewa kapena yonona mafuta, Trinity adzalowa m'nyumba imeneyo mutu uli pansi.

Anayamba Lachinayi. Anakazinga nyama yogaya ndi anyezi mpaka madzi onse ataphwa, n'kuisiya kuti izizire, chifukwa nyama yonyowa kapena yotentha imafewetsa chikopa cha samusa isanaone n'komwe mafuta. Anapinda masamusa zana limodzi ndi makumi awiri, kumata m'mbali ndi phala la ufa, n'kukawasungitsa mufiriji ya pa golosale ya Ba Lawson. Nzeru yake inali yoti Loweruka awatenge kukungocha, awakazinge modekha, basi yonyamula anthu ikamafika pa teni koloko apeze zonse zatha.

Loweruka m'mawa anapeza loko pa golosale. Ba Lawson anali atathamangira ku chipatala ndi mkazi wawo, kiyi ali m'thumba. Anabwera nthawi itadutsa kale naini, thukuta lili kamukamu, akupepesa ndi manja awiri. Masamusa anatuluka mufiriji ali gwa ngati miyala.

Pofika kunyumba, Jenala anapeza basi itaima kale pansi pa mango, woyendetsa wake Peterson atatsamira chitseko. Azimayi anali atavala zitenje zofanana, ng'oma zikuwambidwa pamoto. Alangizi, gogo wina wosaseka, anamuitanira m'nyumba kuti awaonetse mbale iti ili ndi chiyani. Sanathe mphindi khumi m'nyumbamo, koma potuluka anamva fungo la mafuta opserera.

Mlamu wake Hellen, mlongo wa malemu Tenson, anali atadzaza mbaula ndi makala n'kukupiza mpaka moto kuyaka lawilawi. Mafuta m'chiwaya, amene kuno amati saladi, anali akufuka utsi. M'beseni munali kale masamusa khumi ndi awiri, ofiira mokongola.

"Onani mulamu, nakuthandizani," anatero Hellen monyadira. "Yapya mwamusanga. Imwe mumachedwa chabe."

Jenala anatola imodzi, n'kuithyola pakati, n'kumupatsa Hellen. Hellen analuma, nkhope n'kusintha. Kunja kunali kowotcha milomo, koma pakati nyama inali yozizira, ikukukutika ndi madzi oundana. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

"Saladi ikapya maningi imaocha kunja, moto siufika mukati," anatero Jenala mokwiya. "Mufuna asebele balume aisi?"

Hellen, pofuna kukonza mlandu wake, anaphula chiwaya, kuchepetsa makala, ndipo Jenala atatembenuka kukatenga supuni yake yamabowo, anakhuthulira masamusa ena khumi ndi asanu nthawi imodzi, ati kuti apse onse pang'onopang'ono. Mafuta anangoti zii. Masamusa oundanawo anali atawaziziritsa, ndipo anakhala pansi pa chiwaya akumwa mafuta ngati thonje. Atawavuula anali otuwa, olefuka, akuchucha. Ena awiri anamatuka, nyama n'kumwazika m'mafuta.

Jenala anafuna kulira, koma nthawi yolira panalibe. Anakankha Hellen ndi chigongono, kusefa mafutawo, n'kuyala makala kuti moto ukhale wofanana, wosayaka lawi. Anabenthula kachidutswa ka chikopa cha samusa yoonongeka n'kukaponya m'mafuta. Kanamira n'kukhala pansi. Anadikira. Anaponya kena: kanamira pang'ono, kenaka n'kuyandama ndi tithovu ting'onoting'ono, osada msanga. Apo ndiye anapukuta chisanu pa masamusa asanu ndi atatu ndi kansalu kouma, n'kuwatsetsereza m'mafuta imodzi imodzi.

Peterson analiza hutala.

"Amake Trinity, ni teni koloko iyi!" anakuwa. "Nili na ulendo winangu masana!"

"Ikani mu manzi yotentha yasungunuke," anatero mayi wina.

"Yazankala phala," anayankha Jenala osadzutsa mutu. "Yamangena mu saladi yali yolimba so. Ni moto chabe ufunika kudekha."

Chiwaya chilichonse chimatenga pafupifupi mphindi zisanu ndi zitatu, ndipo akavuula ankadikiranso pang'ono kuti mafuta ayambenso kutentha asanaikemo ena. Kudikira kumeneko ndi kumene kunawapweteka anthu: kuona chiwaya chopanda kanthu pamoto, basi ili chilili, mwini wake atangoyang'ana mafuta. Ovuulidwawo ankawaimika chotsamira pa sefa yawaya kuti mafuta atsike, osawaunjika.

Foni ya alangizi inalira. Anayankha atagwada pang'ono, monga amachitira akulu ngakhale wolankhula naye sakuwaona. Atadula anabwera pa mbaula.

"Ku Silverest balendo bakhala kudala, balema kuyembekeza," anatero. "Amake mukwati bafunsa ngati tasintha nzelu."

Trinity, amene anamuuza kuti asatuluke m'chipinda, anasuzumira pazenera maso ali ofiira. "Amama, siyani chabe masamusa. Vakudya vinangu vilipo."

Apa Jenala anachita mantha enieni. Kuchedwa n'kunyoza, aliyense amadziwa. Koma kutumiza mbale popanda samusa kukanakhala kuvomera kuti ntchito imene inalera mwanayu ndi yochititsa manyazi, yofunika kuibisa. Kutumiza zosapsa kukanakhala kuwapatsa Ba Clotilda nkhani yoseka mpaka adzukulu.

"Nipaseni ola imozi," anatero kwa alangizi. "Yamene yazapya, ndiye yazayenda. Yosala yazasala."

Alangizi analamula kuti ng'oma ziyambe pomwepo, anthu aiwale wotchi. Anatumiza mawu ku Silverest kuti ali m'njira, bodza limene aliyense wa ku Chongwe ananenapo. Hellen, manyazi atamugwira, anagwada pambali n'kumawonjezera khala limodzi limodzi pomwe Jenala waloza ndi supuni.

Ola litatha panali masamusa makumi asanu ndi asanu ndi limodzi, osakwana theka la amene anapinda. Jenala anathyola imodzi ya m'chiwaya chomaliza. Inalira khwa, ndipo nthunzi inatuluka kuchokera pakati penipeni.

Mlandu unali usanathe. Mbale zonse za mwambowu zimapita zovundikira, zomangidwa m'chitenje, ndipo abale anali atabwereka mapoto onyezimira ofanana kuti akaoneke bwino ku Silverest. Hellen anabweretsa limodzi, lachivundikiro chothina.

"Mu poto iyayi," anatero Jenala. "Yazachita thukuta. Pofika yazankala monga nsanza."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi dengu lake la pa siteshoni, lakuda ndi utsi, lomangidwa ndi waya pomwe linathyoka. Azimayi anayang'anana. Dengu limenelo ndilo limene Ba Clotilda ankaliona pazenera la galimoto yawo akamadutsa pa Chongwe.

"Mulamu, mufuna kutisebanya?" ananong'ona Hellen.

"Mphepo ifunika kupita," anatero Jenala. Anayala mapepala pansi, kuimika masamusa osawapanikiza, n'kumanga dengu lonse m'chitenje chopyapyala. Alangizi anagwedeza mutu kuti lavundikirika, mwambo sunaphwanyike. Ndipo Hellen, osauzidwa ndi munthu, analisenza yekha.

Basi itapita, pabwalo panangoti zii. Jenala anakhala pa mpando pafupi ndi mbaula, Trinity ali pambali pake. Sanadye. Foni ikalira onse awiri ankadzidzimuka, koma anali anthu ena ofunsa za ukwati. Jenala ankawerenga m'mutu mabampu a msewu wafumbi, kenaka phula la ku Silverest, n'kumadzifunsa ngati chikopa chija chikadali cholimba. Anayamba kudziimba mlandu: ola lathunthu kudikiritsa apongozi a mwana wako chifukwa cha samusa!

Basi inabwera dzuwa litapendeka. Azimayi anatsika ndi mapoto otsukidwa, akuseka ndi kuyankhula onse pamodzi. Jenala sanamve kanthu. Maso ake ankasaka dengu. Hellen anatsika womaliza, chimanjamanja.

"Dengu ili kuti?" anafunsa Jenala. "Bataya?"

"Nkhope zenze zomanga pamene tinafika," anatero Hellen. "Pomasula dengu, nyumba yonse zii. Ba Clotilda batenga imozi, baithyola pakati, bayang'ana mukati. Baluma. Batenga tishu kupukuta ku minwe, bayang'ana tishu, palibe saladi. Batenga inangu."

"Nanga dengu?"

"Bakana nayo. Bakuti, 'Bauzeni asebele banga babwere batenge beka Sondo ya wiki ikubwera, tikadye pamozi. Babwere na saladi yao, banionese mwamene bachitila.'"

Asebele banga. Jenala anabwereza mawuwo chamumtima. Trinity anamukumbatira akulira, ndipo iye anangoima, manja ake amabanga ali lende.

Kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kuyang'ana mlamu wake.

"Manje Mande nizagulisila mu chani?" anafunsa.