Mipando Yobwereka ya Mayi Zubeida

Mayi Zubeida ankakazinga vitumbuwa kuseri kwa mzikiti ku Old Town, koma mtima wawo unkakhala ku City Centre. Masiku amenewo likulu linali litangosamuka kuchoka ku Zomba. Mafuta akamawira, iwo ankayang'ana utsi n'kumaona mwana wawo Tausi akukwera masitepe a maofesi oyera aja. Vitumbuwa zingati zinapserera chifukwa cha maloto amenewa!

Tausi atasankhidwa kupita ku sekondale, fizi inasowa, poti bambo ake anali atamwalira kale. Chotsala chinali basale, thandizo la fizi la kwa DC, ndipo kumeneko ankafuna kalata ya ahedi yofotokoza khalidwe la mwana, nzeru zake ndi mmene zinthu zilili pakhomo. Ahediwo, a Kenani, sankalemba zomwe sanaone ndi maso. Anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka.

Mayi Zubeida anabalalika. "Mlendo wolemekezeka akhale pamphasa? Ine ayi!"

Mzere wathu wonse unathandiza. A Iddi atelala anapereka mipando, a Nasima makapu a maluwa, ine ndinanyamula tebulo ndi wailesi yanga yomwe. Uchitsiru wathuwo! Panalibe ndi mmodzi yemwe anaganiza chomwe ahedi ankadzaona.

A Kenani anamwa tiyi wa mkaka, maso ali pa wailesi.

"Mayi, Tausi ndi wanzeru, izo ndilemba. Koma zoti ndi wosowa, dzanja langa likukana. Pali ana ena ogona pachiguduli."

Anatsazika. Mayi Zubeida anangoti kukamwa yasa.

Tinayamba kubweza katundu mwakachetechete. Dzuwa la Okutobala linkaphulika, fumbi lili kobo, ndipo mipando inkayenda pamitu pathu miyendo ili m'mwamba, ngati zakumaloto. Pamenepo ndi pomwe a Kenani anatulukiranso, ataiwala chipewa. Anaima n'kupatukira tebulo langa kuti lidutse. Atasuzumira m'nyumba anapeza mphasa, mbaula, ndi Tausi akuwapatsa chipewacho atagwada.

Mayi Zubeida anabisa nkhope mumpango.

Lolemba Tausi anabwera ndi kalata yosainidwa, chidindo cha sukulu chili pansi pake, kuti amayi ake aimve asanaipereke ku boma. Anaimasulira pang'onopang'ono: mwana wakhama, waulemu, woyamba m'kalasi, wa mayi wamasiye wopanda ngakhale mpando.

"Alembadi zimenezo?" Misozi inalengeza m'maso mwa Mayi Zubeida. "Ndiye boma lonse lidziwe?"

Anasisita chidindo chija ndi chala. Kenaka anaipinda okha kalatayo n'kumupatsa mwanayo.

"Pita nayo. Manyazi ndi anga, sukulu ndi yako."

Basale inatuluka. Tsiku lomwe Tausi ankakwera basi, ndinawapeza amayi ake akukazinga, maso ali mu utsi, akumwetulira.

"Mukuonanso masitepe?" ndinawaseka.

"Ayi," anatero. "Ndikuona mpando. Wake, wosabwereka."