Chipinda cha a Rafaelo

A Rafaelo anali mmisiri wa matabwa pa Chimbiya. Akazi awo atamwalira mu 1954, anafuna munthu wochita lendi chipinda chakuseri, poti nyumba inali zii.

Wobwera kudzaona chipindacho ankamufunsa modekha: “Mukugwira ntchito kwa yani? Kumene munkakhala mwachokako bwanji? Mukasowa, ndikafunse ndani?” Dalaivala wina atayankha kuti, “Aaa, madala, wapolisi ndinu kodi?” anamutsegulira chitseko kuti azipita.

Tsiku lina kunabwera telala, Alufeo. Anatchula mwini sitolo amene ankamusokera pakhonde, ndipo a Rafaelo anapita kukafunsa. Zonse zinali zoona, ndipo anamupatsa chipindacho. Koma funso lachinayi, lakuti “Mukhala mpaka liti?”, analimeza. Mnyamatayo ankaseka bwino, ndipo iwo ankaopa yankho lake.

Alufeo anali atakwatira chikamwini kufupi ndi Chongoni, ndipo apongozi ankamudikira kuti akalime. Mvula yoyamba itagwa, ananyamula makina ake napita.

Anthu anawaseka a Rafaelo, ndipo ine, amene ndinaziona izi, sindinawakhululukire anthuwo mpaka lero. Palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene anapitako kukacheza nawo.